Chotupa cha m'chithokomiro chachoka pa mamilimita 18 kufika pa 21: kodi chakuladi?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala ku Ulongwe. Mu Malichi 2024 anandijambula pakhosi ndi sikani kutsidya ku Malawi, n'kundipeza ndi chotupa cha 1.8 cm m'chithokomiro. Mu Juni 2025 ndajambulitsanso ku Tete, pepala likuti 2,1 cm, ndiponso akuti mbali inayo kuli kena kakang'ono. Sichindipweteka, ndikudya ndi kuyankhula bwinobwino, koma tulo sindikuona. Mapepala onse awiri ndatumiza. Kodi chikukula? Kapena ndi khansa?"

Mayi, mtima m'malo. Ndawerenga mapepala anu onse awiri, ndipo malinga ndi muyeso umene ife ojambula timatsata, chotupa chanu sichinafike poti tinene kuti chakula. Maonekedwe ake, monga awalembera ojambula awiri osadziwana, ndi a chotupa chofatsa. Dziwaninso kuti mwa zotupa 10 za m'chithokomiro, pafupifupi 9 sizikhala khansa, ndipo amayi a msinkhu wanu amakhala nazo ambiri, ena mpaka kukalamba osadziwa n'komwe. Koma sindikufuna mungondikhulupirira. Tiyeni tione limodzi mmene nkhaniyi timaiweruzira, kuti pepala lachitatu likadzabwera mudzathe kuliwerenga nokha musanayambe kusowa tulo.

Choyamba tiike manambala onse m'chiyankhulo chimodzi. Pepala la Chingerezi limalekanitsa manambala ndi kadontho, la Chipwitikizi limagwiritsa ntchito kamchira, koma 1.8 cm ndi mamilimita 18, ndipo 2,1 cm ndi mamilimita 21. Inu mwatenga nambala yaikulu yokha pa pepala lililonse. Aliyense amatero. Koma mukaona bwino, pali manambala atatu. Lakale likuti 1.8 x 1.4 x 1.2 cm, latsopano likuti 2,1 x 1,5 x 1,3 cm. M'mamilimita ndiye kuti kale chinali 18, 14 ndi 12, lero ndi 21, 15 ndi 13. Atatuwa ndi mulitali kutsata khosi, mulifupi kupingasa khosi, ndi kuchindikala kuchoka kukhungu kulowa m'kati. Mbali imodzi yasiyana ndi mamilimita 3, ziwirizo zasiyana ndi milimita imodzi yokha.

Tsono funso ndi lakuti: kodi mamilimita amenewa achokera m'thupi mwanu, kapena m'dzanja la woyeza?

Sikani ya pakhosi sijambula chotupa chonse nthawi imodzi. Kachipangizo kamene amakayendetsa pakhosi atapaka mafuta oterera kamaonetsa kagawo kopyapyala, ndipo wojambula ndiye amasankha poimitsa chithunzi. Inu a ku Angonia mumaidziwa mbatata ya kachewere. Mukaidula mowongoka pakati, nkhope ya podulapo imakhala ya msinkhu wina. Mukaidula mopendeketsa mpeni, nkhopeyo imatalika, chonsecho mbatata ndi yomweyo. Mukaidula chakunsonga, nkhope imachepa. Ndi mmene zimakhalira ndi sikani. Wojambula akapendeketsa dzanja pang'ono, mulitali amaonjezeka. Akaphonya pakati penipeni pa chotupa, chimaoneka chaching'ono. N'chifukwa chake mbali ya mulitali, yomwe yakuopsani inuyo, imatha kusinthasintha pakati pa ojambula awiri.

Pali zinanso. Akaimitsa chithunzi, wojambula amaika timitanda tiwiri m'malire a chotupa, makina n'kuwerenga mtunda wake. Zotupa zambiri zofatsa zimakhala ndi kamkombero kakuda kopyapyala kozungulira. Wina amayeza kamkomberoko nako, wina amakasiya kunja. Pamenepo pokha papita milimita imodzi uku, ina uko. Wina amakanikiza khosi kwambiri, chotupa chofewa n'kuphwatalala pang'ono, wina amangokhudza. Wina amakuikirani pilo pansi pa mapewa kuti khosi litambasuke, wina ayi. Ngakhale munthu mmodzi yemweyo, ndi makina omwewo, akayeza chotupa chimodzi m'mawa n'kuchiyezanso masana, si zachilendo kusiyana ndi milimita imodzi kapena awiri. Palibe amene walakwitsa pamenepa, ndi malire a chipangizocho. Inu munajambulidwa ndi anthu awiri, pa makina awiri, m'maiko awiri.

Chifukwa cha zimenezi akatswiri anagwirizana mpanda woti kusintha kuulumphe tisanakutche kukula. Malangizo a bungwe la madokotala a chithokomiro la ku Amereka a mu 2015, ndiponso ndondomeko ya ojambula ya mu 2017 imene pa mapepala imalembedwa kuti TI-RADS, zonse zimanena zofanana. Chotupa chakula ngati mbali zake zosachepera ziwiri zaonjezeka ndi 20 peresenti, ndipo kuonjezekako kusachepere mamilimita 2. Kapena ngati voliyumu yake, kutanthauza malo onse amene chotupacho chatenga, yaonjezeka kupitirira 50 peresenti.

Tiyese chanu pa mpanda woyamba. Kuchoka pa 18 kufika pa 21 ndi kuonjezeka kwa 17 peresenti, pang'ono kusafika. Kuti ikwane, inayenera kufika pafupifupi 22. Kuchoka pa 14 kufika pa 15 ndi 7 peresenti, pamene inafunika kufika 17. Kuchoka pa 12 kufika pa 13 ndi 8 peresenti. Pamafunika mbali ziwiri, chanu palibe ngakhale imodzi imene yalumpha.

Mpanda wachiwiri uli ndi kasamu kosavuta, foni yanu ingakachite. Mumachulukitsa mbali zitatuzo, kenako mumachulukitsa ndi 0.52, chifukwa chotupa n'chobulungira, si bokosi:

```
18 x 14 x 12 x 0.52 = 1572
21 x 15 x 13 x 0.52 = 2129
```

Mukagawa ndi 1000 mumapeza mamililita. Kale chinali mamililita 1.57, lero 2.13. Kusiyana kwake ndi 35 peresenti. Ndikudziwa kuti 35 ikumveka yaikulu, ndipo mwina mtima wadumphanso. Koma taonani mmene voliyumu imakokomezera zinthu. Wojambula wachiwiri akanangoonjeza milimita imodzi yokha mbali iliyonse, n'kulemba 19, 15 ndi 13, voliyumu ikanakwera kale ndi 23 peresenti, chotupa chisanasunthe n'komwe. Ndicho chifukwa mpanda wa voliyumu anauika patali, pa 50. Kuti chanu chiulumphe chinayenera kupitirira mamililita 2.36. Pepala likanati 22, 17 ndi 13, bwenzi ndikukuuzani zina, chifukwa pamenepo mbali ziwiri zalumpha ndipo voliyumu yakwera ndi 61 peresenti.

Ndiyenera kunena moona mtima mbali inayo ya nkhaniyi. Kusalumpha mpanda sikutanthauza kuti chotupa chaima ndithu. Manambala anu onse atatu apita mbali imodzi, yokwera. Kukanakhala kusiyana kwa manja kokha, kawirikawiri timayembekeza kuti ina ikwera, ina itsika, ngakhale wojambula amene amayeza kamkombero kaja amakweza zonse zitatu nthawi imodzi. Choncho n'kutheka kuti sichinasinthe, n'kuthekanso kuti chikukwera pang'onopang'ono. Mapepala awiri sangasiyanitse zimenezi. Lachitatu ndilo lidzasiyanitse, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika, odwala ndi ogwira ntchito omwe.

Tiyerekeze kuti chaka chamawa pepala lati 23, 17 ndi 14. Wojambula akaliyerekeza ndi la 2025 lokha, aona kuti mbali zonse zasiyana ndi milimita imodzi kapena awiri, voliyumu yakwera ndi 34 peresenti, n'kulemba kuti palibe kusintha. Chaka chinacho zomwezo. Chaka chilichonse chotupa chikuoneka ngati chaima, pamene chikuyenda. Koma mukatenga 23, 17 ndi 14 n'kuziika pambali pa pepala la Malichi 2024, mbali ziwiri zadutsa 20 peresenti ndipo voliyumu yakwera ndi 81 peresenti. Kumeneko ndi kukula kwenikweni. Ndiye pepala la mtengo wapatali pa mapepala anu onse ndi loyamba lija, lomwe anthu amaliyesa lotha ntchito n'kulisiya m'sutikesi akamapita kukajambulitsanso. Mudzinyamule onse, ndipo mudzapemphe kuti ayerekeze ndi loyambirira, osati lapitali lokha.

Nkhani ya kusunga ndiitchule pomwepa. Tizithunzi takuda timene amamata pa pepala la sikani timasindikizidwa ndi kutentha, osati inki. Tikakhala padzuwa kapena m'chikwama chotentha timafufutika mpaka kutsala pepala lotuwa, ndipo kutentha kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa. Musatisiye pawindo, musatipititse ku makina omatira pulasitiki chifukwa timada tonse nthawi yomweyo. Tijambuleni ndi foni lero, kamodzikamodzi, pamalo owala, kuti timitanda ndi manambala a m'mphepete azioneka. Inu mwanditumizira zolembedwa zokha. Kwa wojambula wotsatira, chithunzi n'chofunika kuposa zolemba, chifukwa chimamuonetsa pamene mnzake anaika timitanda tija, ndipo angathe kuyeza mofanana naye.

Ndisanachoke pa zoyerekeza, pali funso limene limayenera kubwera patsogolo pa masamu onsewa: kodi ojambula awiriwa anayeza chotupa chimodzi? Chithokomiro chili ndi mapiko awiri, lamanja ndi lamanzere, olumikizidwa ndi kamlatho kutsogolo kwa kholingo. Mwa munthu wa zotupa zambiri, zomwe si zachilendo kumapiri kuno, n'kosavuta kuti wina ayeze cha m'mwamba, mnzake cha m'munsi, kapena wina aone ziwiri zogundana ngati chimodzi. Zikatero mumamva kuti chotupa chawirikiza m'miyezi itatu, pamene ayerekeza zinthu ziwiri zosiyana. Kwa inu nkhawa imeneyi ndi yochepa. Pepala lakale likuti `right lobe`, latsopano likuti `lobo direito`, zonse ndi phiko lamanja, ndipo onse awiri anaonamo chotupa chimodzi chokha. Latsopano laonjeza kuti `terço inferior`, kutanthauza chigawo cha m'munsi. Mawu amenewa asasowe pa mapepala otsatira. Onaninso kuti ojambula sasanja manambala mofanana: wina amayamba ndi mulitali, wina ndi mulifupi. Ngati sanalembe kuti nambala iti ndi ya mbali iti, yerekezani yaikulu ndi yaikulu, yapakati ndi yapakati, yaing'ono ndi yaing'ono.

Kakang'ono ka kumanzere musakataire tulo. Pepala likuti ndi ka mamilimita 5, `quístico`, ndiye kuti kathumba ka madzi okhaokha. Tithumba totere si khansa ndipo sitifuna kubayidwa kapena kulondoledwa. N'kutheka kuti kanalipo kale mu 2024, wojambula woyamba sanaone chifukwa chokalembera, kapena makina ake sanakaonetse bwino. Chinthu kulembedwa koyamba lero si umboni woti chabadwa lero.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, limene ndikudziwa kuti ndilo lenileni. Apa ndinene mosapsatira kuti anthu amaupatsa msinkhu ulemu woposa umene uyenera. Kukula pakokha si chizindikiro chodalirika cha khansa ya chithokomiro. Zotupa zofatsa nazo zimakula, ndipo khansa yofala kwambiri ya m'chithokomiro ikhoza kukhala zaka osasuntha. Kafukufuku wina wa ku Italy wofalitsidwa mu 2015 anatsatira anthu 992 okhala ndi zotupa zooneka zofatsa kwa zaka 5. Mwa anthu pafupifupi 15 pa 100 alionse zotupa zinakula, mwa 18 pa 100 alionse zinachepa zokha, ndipo mwa otsalawo sizinasinthe. Zimene zinadzapezeka kuti ndi khansa sizinafike ngakhale chimodzi pa zotupa 100 zilizonse.

Chimene timayang'anitsitsa poyerekeza sikani yakale ndi yatsopano ndi nkhope ya chotupacho. Timaona ngati ndi cha mnofu wokhawokha, cha madzi, kapena chosakaniza. Timaona mtundu wake pa chithunzi: chofanana ndi mnofu wa chithokomiro wochizungulira, kapena choderapo. Chakuda kwambiri ndicho chimatidzutsa. Timaona malire, ngati ndi osalala kapena okumbika ngati akulowerera mnofu wa pambali. Timafufuza timadontho toyera ting'onoting'ono m'kati mwake, timene pa pepala la Chipwitikizi timalembedwa kuti `microcalcificações`. Timaonanso kaimidwe: chotupa chofatsa chimakonda kugona chopingasa, pamene chokayikitsa chimaimirira, kuchindikala kwake n'kuposa mulifupi. Pomaliza timayendetsa kachipangizo kaja m'mbali mwa khosi kuona anabere. Chimodzi mwa izi chikasintha pakati pa sikani ziwiri, chimandiuza zambiri kuposa mamilimita atatu, ngakhale msinkhu utakhala womwewo.

Pepala lanu lakale likuti `solid, isoechoic, well-defined`. Latsopano likuti `sólido, isoecogénico, contornos regulares, sem calcificações`. Ndi nkhani imodzi m'ziyankhulo ziwiri: cha mnofu, chofanana mtundu ndi chithokomiro, malire osalala, chopanda timadontho. Mulifupi 15, kuchindikala 13, ndiye kuti n'chogona. Patatha miyezi 15 nkhope yake sinasinthe, ndipo zimenezi ndi zimene zandilimbitsa mtima poyankha kalata yanu. Chimene sindinachione pa pepala latsopano ndi mawu okhudza anabere. Ulendo wotsatira mudzapemphe kuti awaone n'kulemba, ngakhale atakhala bwinobwino.

Mu ndondomeko ya TI-RADS ija zotupa zimaikidwa m'magulu asanu, kuyambira TR1 wosadetsa nkhawa mpaka TR5 wokayikitsa kwambiri. Kukhala cha mnofu kumapatsa chotupa mapointi 2, kufanana mtundu ndi chithokomiro pointi imodzi, zinazo kwa inu palibe. Mapointi 3 ndi gulu la TR3, limene mwayi wa khansa sudutsa 5 pa 100. Chotupa cha gulu limeneli chikafika mamilimita 15 amati chizionedwanso patatha chaka chimodzi, zaka 3 ndi zaka 5, ndipo chikafika mamilimita 25 atengeko timaselo ndi singano kukayeza. Ndondomeko ya ku Ulaya, imene ojambula ena amatsata, imayamba kubaya chotupa chotere chikangodutsa mamilimita 20. Chanu chili pa 21, pakati pa ziwirizi. Choncho dokotala wina akakuuzani kuti dikirani chaka, wina n'kukuuzani kuti tiyeze ndi singano, musaganize kuti wina akubisirani zinthu kapena sadziwa ntchito. Onse ali ndi poimira.

Mukandifunsa maganizo anga, ndi awa. Ngati njira yokayezetsa ndi singano ilipo popanda kugulitsa ng'ombe, ndipo nkhawa ikukulandani tulo monga mwanenera, yezetsani kuti nkhani ithe. Ndi singano yopyapyala kuposa yotengera magazi, amailondolera ndi sikani, zimatenga mphindi zochepa, ndipo mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Sikufalitsa matenda monga anthu amaopera. Vuto lake n'lakuti nthawi zina timaselo totengedwa timachepa, zotsatira n'kubwera zosagamula kanthu, ndiye mumayenera kubwereza. Zikabwera zoti n'chofatsa, mwayi woti alakwitsa ndi wochepa, pafupifupi 3 pa 100 kapena kucheperapo. Koma ngati ulendo wake ndi wolemetsa pakali pano, kudikira miyezi 12 n'kujambulitsanso si kutaya moyo, malinga mupitedi. Chimene sindingakulangizeni ndi kujambulitsa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Chotupa chotere sichisintha mooneka pa nthawi yochepa choncho. Mudzangotola kusiyana kwa manja a ojambula, lero 20, mawa 22, mtima n'kumakwera ndi kutsika nawo, ndalama za chapa zikutha.

Pali kuyeza kumodzi kumene sindinakuone m'zimene mwatumiza, ndipo n'kofunika musanaganize za singano: magazi a TSH. Amaonetsa ngati chithokomiro chikugwira ntchito moyenera, mopitirira, kapena moperewera. TSH ikatsika kwambiri, mwina chotupacho chikupanga mahomoni chokha mopitirira muyeso. Zotupa zotere sizikhala khansa kawirikawiri, ndipo chithandizo chake chimalowera kwina. Zizindikiro zake ndi mtima kuthamanga mutakhala phee, manja kunjenjemera, kuonda mukudya bwino, ndi thukuta ngakhale kuzizira kwa Juni ku Ulongwe. Mukakhala nazo mukauze dokotala, osadikira tsiku la sikani.

Mukadzapita kukajambulitsa kachitatu, yesetsani kubwerera kumene mwajambulitsa komalizaku, ndipo ngati n'kotheka kwa wojambula yemweyo. Si kuti uko kunali kolakwika, koma dzanja limodzi ndi makina amodzi zimachepetsa kusiyana kuja. Mupatseni mapepala ndi zithunzi asanayambe, osati atamaliza. Ena amaopa kuti wojambula akaona pepala lakale angokopera, ndiye amalibisa kuti amuyese. Kumeneko ndi kudzimana nokha, chifukwa popanda lakale sangadziwe chimene akuyerekeza. Mupempheni alembe mbali zonse zitatu, malo a chotupa, ndi chiganizo chimodzi chonena ngati chakula poyerekeza ndi Malichi 2024. Ndipo ikhale sikani ya mtundu womwewo. Mukadzajambulidwa khosi ndi makina aakulu olowamo thupi aja, amene kuno timawalemba kuti TAC, pa chifukwa china, musadzaike manambala ake pambali pa awa. Makina amenewo amadula khosi mwa njira yawo ndipo malire a chotupa cha m'chithokomiro saoneka bwino ngati pa sikani ya mafuta ija.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi mapepala awo m'manja: mpanda wa 20 ndi 50 peresenti uwu ndi wa chithokomiro. Musautengere ku bere, ku chiwindi kapena ku mapapo. Kachotupa ka m'mapapo, mwachitsanzo, kakaonjezeka ndi mamilimita 2 okha pa TAC timakatenga kuti kakula, ndipo sitikadikira chaka.

Pali zinthu zimene zikachitika, masamu onsewa muwaike pambali n'kupita kuchipatala sabata yomweyo. Mawu akasasa kwa milungu yoposa itatu popanda chimfine. Nsima ikayamba kukakamira pakhosi, kapena mukamatsamwa ndi madzi. Chotupa chikalimba ngati mwala, kapena chikasiya kukwera ndi kutsika pomeza malovu. Mwanabere wolimba wosapweteka akatuluka m'mbali mwa khosi n'kukhalitsa. Kapena mukaona ndi maso anu, pagalasi kapena pa mkanda umene mumavala, kuti khosi likukula m'milungu yochepa. Kubanika, makamaka mukagona chagada, kapena kupuma kwa mluzu, kumeneko musadikire kuti kuche. Nthawi zina chotupa chimatupa mwadzidzidzi tsiku limodzi n'kumapweteka. Kawirikawiri amakhala magazi amene atayikira m'kati mwake, ndipo chimaphwa chokha m'milungu ingapo, koma chionedwe ndithu, chifukwa sikani imasiyanitsa msanga magazi ndi mnofu watsopano. Mukamuuzenso dokotala ngati m'banja mwanu wina anadwalapo khansa ya chithokomiro, kapena ngati munawotchedwapo ndi makina a khansa pakhosi kapena pamutu muli mwana, chifukwa zimenezi zimachititsa kuti tibaye msanga ngakhale chotupa chikuoneka chofatsa.

Achibale adzakuuzani zotemera mphini pakhosi ndi kupakapo mankhwala. Musalole. Chotupacho chili m'kati, kuseri kwa minofu, pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo mabala a pakhungu amatupitsa anabere, wojambula n'kusokonezeka pa sikani yotsatira. Mchere wa ayodini, wolembedwa `sal iodado` pa paketi, gwiritsani ntchito pakhomo chifukwa umateteza ana anu ku chithokomiro chotupa, koma musayembekeze kuti usungunula chotupa chimene chilipo kale, ndipo musagule madontho kapena mapiritsi a ayodini kumwa mwa inu nokha, chifukwa mwa munthu wa zotupa akhoza kuchititsa chithokomiro kugwira ntchito mopitirira.

Ndiye sabata ino pitani kuchipatala cha kwanuko ndi mapepala onse awiri, dokotala akugwireni pakhosi, chifukwa dzanja lake limamva zimene pepala silinena. Pemphani magazi a TSH, ndipo mufunse ngati angakulembereni kalata yokutumizani kumene amayeza ndi singano. Mukasankha kudikira, lembani Juni 2026 pa chikuto cha kabuku kanu ka kuchipatala.